Bilu ndi imodzi, mapelesenti atatu: pamene masamu a tirezhari bilu akukana kugwirizana

Vutoli limabwera mobwerezabwereza kwa aliyense wowerengera phindu la tirezhari bilu ya boma la America, kaya ndi wophunzira zachuma amene akukonzekera mayeso, kaya ndi kalaliki wa ku banki, kaya ndi m'bale wathu amene ali kunjako ndipo wasunga kangachepe. Pa tsamba la zotsatira za malonda palembedwa 5.000%. Pansi pake, za bilu yomweyo, palembedwa 5.134%. Mukalowetsa manambala mu Excel, kukutuluka 5.064%. Munthu amayamba kukayikira makina ake, kapena kuganiza kuti wina wamubera. Komatu manambala atatu onsewa ndi olondola, ndipo ndalama imene mulandire ndi imodzimodzi. Chasiyana ndi kawerengedwe kokha. Choopsa n'chakuti mukatenga nambala yolakwika n'kuiika pambali pa chiwongoladzanja cha ku banki kapena cha bondi, pepala la ngongole ya nthawi yaitali, mumasankha chinthu chopereka zochepa mukuganiza kuti mwachenjera.

Gwero la chisokonezo ndi mmene bilu imagulitsidwira. Bilu silipira chiwongoladzanja pakati pa njira monga imachitira bondi. Boma limakugulitsani pepala pa mtengo wotsika, ndipo tsiku lokhwima likafika limakubwezerani ndalama yathunthu yolembedwa pa pepalalo. Phindu lanu ndi kusiyana kwa ziwirizo basi. Zikufanana ndi wakatapila uja wonena kuti wakukongozani K10,000 pa 10%, koma n'kuchotseratu K1,000 yake, inu n'kuchoka ndi K9,000 m'manja. Iye akuti 10% chifukwa akuwerengera pa K10,000, pamene inu mwalipira K1,000 pa K9,000 imene mwaigwiradi, ndipo kumeneko ndi kupitirira 11%. Pa bilu, wokongoza ndinu, boma ndiye wokongola, choncho kusiyanako kumakomera inu.

Tiwerengere bilu imodzi mpaka pamapeto

Titenge bilu ya masabata 13, kutanthauza masiku 91, yolembedwa madola 10,000. Tiyerekeze kuti pa malonda yagulidwa pa disikaunti ya 5%. Nambala imeneyi ndi imene pa zotsatira za malonda imalembedwa kuti `High Rate`, ndipo m'mabuku ndi `discount yield`. Ntchito yake yeniyeni ndi kupezera mtengo:

```
kuchotsera = 10000 * 0.05 * 91/360 = 126.39
mtengo     = 10000 - 126.39        = 9873.61
```

Mukulipira madola 9,873.61 lero, ndipo pakatha masiku 91 mulandira 10,000. Phindu ndi madola 126.39. Manambala atatu awa, mtengo, phindu ndi masiku, ndiwo enieni. Mapelesenti onse amachokera pamenepa, ndipo aliyense amayankha mafunso awiri mwa njira yake: phindu tiligawe ndi ndalama iti, nanga chaka tichiwerenge kuti chili ndi masiku angati?

Phindu la disikaunti limagawa 126.39 ndi 10,000, ndalama imene simunailipire, ndipo limatenga chaka ngati cha masiku 360. N'chifukwa chake limatuluka lotsika kuposa ena onse. Ndi chizolowezi chakale cha amalonda, chimene chinkaphweketsa masamu nthawi imene anthu ankawerengera pa pepala. Pogula ndi pogulitsa chimagwirabe ntchito bwino, koma sichiyankha funso limene wosunga ndalama amakhala nalo, loti ndalama yangayi yandiberekera zingati.

Phindu la mane maketi, limene mudzaliona litalembedwa `money market yield` kapena `CD equivalent yield`, limakonza cholakwika choyamba chokha. Limagawa ndi ndalama imene mwatulutsadi m'thumba, koma chaka limachisiya pa 360, poti ku America ndalama zosungitsa za nthawi yochepa za pakati pa mabanki ndi makampani zimawerengedwa choncho.

Phindu lofananiza ndi bondi, `bond equivalent yield`, limakonza zonse ziwiri: limagawa ndi mtengo, ndipo chaka limachipatsa masiku 365. Limeneli ndi limene boma la America limalemba kuti `Investment Rate` pa zotsatira za malonda.

```
disikaunti  = 126.39/10000   * 360/91 = 5.000%
mane maketi = 126.39/9873.61 * 360/91 = 5.064%
ya bondi    = 126.39/9873.61 * 365/91 = 5.134%
```

Onani mmene mtunda wochoka pa 5.000 kufika pa 5.134 wagawikira. Gawo loyamba, 0.064, labwera chifukwa chosintha ndalama yogawira. Gawo lachiwiri, 0.070, labwera chifukwa cha masiku asanu owonjezera pa chaka. Mukazindikira kuti pali masitepe awiri osiyana chonchi, vuto lililonse la mtunduwu mumalipeza msanga, chifukwa mumangofunsa kuti phazi laterereka pa sitepe iti.

Ngati mulibe mtengo koma muli ndi disikaunti yokha, pali njira yachidule. Apa `d` ndi disikaunti, `t` ndi masiku:

```
mane maketi = 360*d / (360 - d*t)
ya bondi    = 365*d / (360 - d*t)
```

Pa njira yachiwiriyo ndi pamene anthu ambiri amagwa. Poona 365 pamwamba, amaganiza kuti pansi pakuyeneranso kukhala 365, n'kusintha. Ayi ndithu. 360 wa pansiyo akuchokera pa kapezedwe ka mtengo, ndipo mtengowo unapezedwa ndi chaka cha masiku 360. Musiyeni choncho.

Nambala yanga ikusiyana ndi yawo: ndiyambire pati?

Choyamba, gawani nambala yaikulu ndi yaing'ono. Mukapeza 1.0139 kapena pafupi kwambiri, musavutikenso kufufuza kwina: wina wagwiritsa 365, wina 360, poti 365 kugawa ndi 360 ndi 1.01389. Yesani pa chitsanzo chathu, 5.134 kugawa ndi 5.064, muona. Pa bilu yosapitirira theka la chaka, chizindikirochi n'chodalirika chifukwa sichisintha ndi kutalika kwa bilu kapena kukwera kwa chiwongoladzanja.

Mukapeza nambala ina, monga 1.0128 pa chitsanzo chathu, iyerekezeni ndi ndalama yolembedwa pa bilu kugawa ndi mtengo. 10,000 kugawa ndi 9,873.61 ndi 1.0128. Zikagwirizana, ndiye kuti wina wagawa ndi ndalama yathunthu, wina ndi mtengo. Apa pali msampha waung'ono: pa bilu ya masiku 91 ya pafupi ndi 5%, manambala awiriwa, 1.0128 ndi 1.0139, ali pafupi kwambiri, moti mukadula manambala msanga mutha kusokoneza vuto lina ndi linzake. Sungani manambala anayi kumanja kwa kadontho mpaka mutamaliza.

Zonse ziwiri zikakana, werengani masiku. Ili ndi vuto limene ndimaliona kawirikawiri kwa anthu amene masamu awo ali bwinobwino. Masiku a bilu amayambira tsiku limene ndalama yalipidwa ndipo bilu yalowa m'manja mwanu, osati tsiku la malonda. Mabilu a masabata 13 ndi 26 amagulitsidwa pa malonda Lolemba, n'kutuluka Lachinayi la sabata lomwelo. Wowerenga kuyambira Lolemba amapeza masiku 94 m'malo mwa 91, ndipo disikaunti ya 5.000% ija imamutulukira 4.840%. Kusiyana kotereku n'kwakukulu kuposa kwa 360 ndi 365, ndipo kumakokera pansi manambala atatu onse pamodzi. Chimenecho ndicho chizindikiro chake: si nambala imodzi imene yaphonya, koma onse aphonya mofanana. Musangokhulupiriranso kuti masabata 13 ndi masiku 91 nthawi zonse. Lachinayi likagwa pa tchuthi, monga limachitira chaka chilichonse mu Novembala pa tsiku lawo lothokoza, tsiku lotuluka kapena lokhwima limasuntha, ndipo bilu imakhala ya masiku 90 kapena 92. Chotsani deti kwa deti, musaloweze.

Chotsala ndi chaka cholumpha. Ngati chaka chotsatira tsiku lotuluka bilu chili ndi 29 Febuluwale mkati, boma la America limagwiritsa 366 m'malo mwa 365 powerengera `Investment Rate`. Bilu yathu ikanatuluka 5.148% m'malo mwa 5.134%. Mukaona kusiyana kochepa chonchi, komwe kugawa kwake kumapereka 1.0027, yang'anani pa kalendala.

Za mu Excel

Excel ili ndi mafomyula atatu a bilu, ndipo dzina la limodzi limasocheretsa. Tiike madeti a masiku 91, kuchoka Lachinayi pa 2 Januwale 2025 kufika Lachinayi pa 3 Epulo 2025, ndi disikaunti yathu yoyerekeza ija:

```
=TBILLPRICE(DATE(2025,1,2),DATE(2025,4,3),0.05)
=TBILLYIELD(DATE(2025,1,2),DATE(2025,4,3),98.736111)
=TBILLEQ(DATE(2025,1,2),DATE(2025,4,3),0.05)
```

Loyamba limapereka 98.736111, mtengo pa madola 100 alionse. Lachiwiri limapereka 5.064%, ndipo lachitatu 5.134%. Anthu amathamangira `TBILLYIELD` poganiza kuti liwapatsa nambala imene ili pa tsamba la boma, kenaka amadabwa. Fomyulali limapereka phindu la mane maketi, la masiku 360, limene silisindikizidwa n'komwe pa zotsatira za malonda. Lofanana ndi `Investment Rate` ndi `TBILLEQ`. Onaninso chimene lililonse limafuna pamalo achitatu: `TBILLYIELD` limafuna mtengo pa 100, pamene enawo amafuna disikaunti. Mukaika 9873.61 pamene pakufunika 98.7361, kapena 5 pamene pakufunika 0.05, yankho limakhala lopanda mutu. Mukaona `#NUM!`, nthawi zambiri madeti atembenuzidwa, kapena tsiku lokhwima lapitirira chaka chimodzi kuchoka pa tsiku lolipira. `#VALUE!` amatanthauza kuti deti lalembedwa ngati mawu wamba, ndipo ndi chifukwa chake ndagwiritsa `DATE`, limenenso limakupulumutsani ku chisokonezo cha kalembedwe ka ku America koyamba ndi mwezi.

Nambala iti iyerekezedwe ndi chiyani

Apa ndi pamene ndalama zimatayikira, ndiye tiime pang'ono. Tiyerekeze kuti muli ndi madola 9,873.61 aja, ndipo banki ikukulonjezani 5.05% pa masiku 91, powerengera chaka cha masiku 360. Mukaika 5.05 pambali pa 5.000 ya disikaunti, banki ikuoneka yopambana. Koma werengerani: 9,873.61 kuchulukitsa ndi 0.0505 ndi 91, kugawa ndi 360, ndi madola 126.04. Bilu ikupereka 126.39. Bilu yapambana, ndipo mukanadziwiratu mukanayerekeza 5.05 ndi mnzake weniweni, 5.064.

Tsopano titembenuze. Banki yakweza kufika 5.10%, pa masiku 360 omwewo. Inu mwaphunzira kuti disikaunti imanamiza, ndiye mwatenga 5.134%, n'kunena kuti bilu ikupambanabe. Mwagwanso, koma mbali inayo. Banki pa 5.10% ipereka madola 127.29, kuposa 126.39 ya bilu. Nambala ya masiku 365 mwaiyerekeza ndi ya masiku 360. 5.10% ija mukaisamutsira ku chaka cha masiku 365 ndi 5.171%, ndipo apo zikuonekeratu.

Pa madola 10,000 kusiyanaku ndi masenti 35 koyamba, masenti 90 kachiwiri, ndipo munthu angati n'zazing'ono. Kwa wosunga zake yekha n'zazing'onodi. Koma amene amasunga ndalama za kampani kapena za thumba la penshoni akusuntha mamiliyoni sabata ndi sabata: pa madola 10 miliyoni, masenti 90 aja ndi madola pafupifupi 900 pa miyezi itatu. Ndipo pa mayeso, yankho la 5.064 pamene afunsa 5.134 ndi lolakwa basi, palibe kuchitirana chifundo.

Motero, chinthu cholipira chiwongoladzanja pa masiku 360 chiyerekezeni ndi phindu la mane maketi. Bondi ya boma imene yatsala pang'ono kukhwima, kapena chilichonse chowerengedwa pa masiku 365, chiyerekezeni ndi phindu lofananiza ndi bondi. Disikaunti iyerekezedwe ndi disikaunti inzake yokha, ndipo ngakhale apo, pa mabilu a masiku ofanana. Mabilu awiri onse a 5% ya disikaunti, ina ya masiku 28, ina ya masiku 182, sapereka phindu lofanana: yoyamba ndi 5.089%, yachiwiri 5.201% pa muyeso wa bondi, poti bilu ikatalika, mtengo umatsika kwambiri pansi pa ndalama yolembedwa.

Pali nambala yachinayi imene imalowerera. Mabanki a ku America akamatsatsa kwa anthu wamba amalemba `APY`, imene imawerengera ngati kuti phindu likubwezeredwa n'kumaberekanso chaka chonse. Palibe mwa manambala atatu athu aja imene imachita zimenezo pa bilu yaifupi. Kuti mufananize, bilu yathu iwerengedwe chonchi:

```
(10000/9873.61)^(365/91) - 1 = 5.234%
```

Nambala imeneyi ikudalira kuti bilu ikakhwima mugulenso ina pa mtengo womwewo kanayi pa chaka, zimene palibe angakulonjezeni. Kumbukiraninso msonkho musanamalize kusankha: phindu la bilu limalipira msonkho wa boma lalikulu la America koma osati wa maboma a zigawo, pamene chiwongoladzanja cha ku banki chimalipira yonse.

Bilu ya masabata 52 imakana njira yachidule

Zonse tanena za phindu lofananiza ndi bondi zikugwira pa bilu yosapitirira theka la chaka. Mukafika pa bilu ya masiku 364, njira yachidule ija imaphonya, ndipo anthu amasowa mtengo wogwira chifukwa masiku ali bwino, 365 ali bwino, koma yankho silikugwirizana. Pa disikaunti ya 5%, mtengo ndi 94.944444 pa 100. Njira yachidule ikupatsani 5.339%. Boma lingalembe 5.270%.

Chifukwa chake chili m'dzina lomwelo. Bondi ya boma la America imalipira chiwongoladzanja kawiri pa chaka. Mwini bondi amalandira kenakake pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kenakakeko kamatha kuberekanso m'theka lachiwiri. Mwini bilu salandira kanthu mpaka pamapeto. Kuti ziwirizi zifanane, timafunsa kuti: ndi bondi ya mapelesenti angati imene, chiwongoladzanja cha pakati pa chaka chitabwezeredwa, ingafike pa ndalama imodzimodzi ndi bilu? Yankho liyenera kutsikirapo kuposa 5.339%, poti bondiyo ikuthandizidwa ndi phindu loberekana. Masamu ake ndi awa, `P` kukhala mtengo pa 100:

```
a = t/(2*365) - 0.25
b = t/365
c = (P - 100)/P
i = (-b + SQRT(b^2 - 4*a*c)) / (2*a)
```

Pa `t` wa 364 ndi `P` wa 94.944444, `a` ndi 0.248630, `b` ndi 0.997260, `c` ndi -0.053248, ndipo `i` akutuluka 0.05270. Samalani ndi chizindikiro cha `c`: chiyenera kukhala chochotsera, poti mtengo ndi wochepera 100. Mukachiiwala, yankho limatuluka lochotsera, ndipo mudziwiretu pomwepo. Ngati mumadalira pulogalamu kapena kakyuleta ya zachuma, iyeseni kamodzi ndi manambala awa. Ikatulutsa 5.339, ikugwiritsa njira yachidule, ndipo musaidalire pa bilu yaitali.

Pa bilu yaitaliyi, chizindikiro cha 1.0139 chija sichigwiranso. Phindu la mane maketi apa ndi 5.266%, pafupi kwambiri ndi 5.270%, moti munthu atha kuganiza kuti ndi nambala imodzi yongodulidwa mosiyana. Zangokumana mwangozi pa mlingo uwu: masiku asanu owonjezera akukweza, kuberekana kwa pakati pa chaka kukutsitsa, ndipo ziwirizo zangotsala pang'ono kufafanizana. Chiwongoladzanja chikakwera kwambiri, phindu lofananiza ndi bondi limatha kutsika pansi pa la mane maketi.

Mukabwera nazo kuno kwathu

Kawerengedwe ka 360 ndi ka msika wa ku America, si lamulo la dziko lonse lapansi. Ku Britain, mwachitsanzo, mabilu amawerengedwa pa masiku 365. Banki yaikulu ya Malawi imagulitsa mabilu a boma a masiku 91, 182 ndi 364, ndipo wophunzira amene waloweza mafomyula a m'buku la ku America amathamangira kuwagwiritsa ntchito pomwepo, kapena kuika manambala a kwacha mu `TBILLPRICE`, imene 360 inamangiriridwa mkati mwake. Musanachite zimenezo pa msika ulionse, tsimikizani kaye ngati nambala yolengezedwa ili disikaunti kapena phindu la pa mtengo, komanso chaka chake ndi cha masiku angati.

Nkhaniyi imakula kwambiri kumene chiwongoladzanja chili chokwera. Pa 5%, kusokoneza disikaunti ndi phindu la pa mtengo kumakusocheretsani pang'ono. Tiyerekeze 25% pa bilu ya K1,000,000 ya masiku 364, chaka cha masiku 365. Ngati 25% imeneyo ili disikaunti, mulipira K750,685, ndipo phindu lanu lenileni ndi 33.30%. Ngati ili phindu la pa mtengo, mulipira K800,439:

```
disikaunti: 1000000 * (1 - 0.25*364/365) = 750685
pa mtengo:  1000000 / (1 + 0.25*364/365) = 800439
```

Kusiyana kwa K49,754 pa miliyoni imodzi sikungabisale. Ubwino wake n'ngwakuti simufunika kukhulupirira mawu a wina aliyense. Tengani chikalata chimene banki kapena wogulitsa wakupatsani, pezani ndalama imene yachotsedwa mu akaunti yanu, ndalama yodzalandira, ndi madeti awiri. Werengerani phindu kanayi: kugawa ndi ndalama yathunthu pa 360, pa 365, kenaka kugawa ndi mtengo pa 360, pa 365. Imodzi mwa zinayizi igwirizana ndi nambala yolembedwa, ndipo mwadziwa kawerengedwe ka msikawo. Ikapanda kugwirizana ngakhale imodzi, onani ngati mu ndalama yochotsedwayo mwalowa ndalama ya ntchito ya wogulitsa, kapena ngati pa yodzalandirayo achotseratu msonkho. Zimenezo ziikeni padera kaye, muwerengerenso ndi mtengo wa bilu wokhawokha, kenaka mufunse wogulitsayo akulembereni mzere ndi mzere chimene wachotsa.